Kapepala ka Sitolo pa Bokosi la Mankhwala a Amayi

Chithunzicho chinafika masana, Phee ali yekha kuseri kwa kauntala. Dzina limeneli anamupatsa ndi amalume ake, eni ake a sitolo ya mankhwalayo, amene ankakonda kuuza makasitomala kuti muphwa wawo anapita ku koleji kukaphunzira kukhala chete. Iwo anali kuchipinda chosungiramo katundu, akutsegula makatoni.

Chithunzicho chinachokera kwa achemwali ake, amene ankasamalira amayi kunyumba. Analemba kuti mutu wa amayi wayambiranso kuphwanya ngakhale sadumphitsa mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi, ndipo anangofuna kudziwa ngati akuwamwetsa moyenera. Anajambula bokosi ndi pepala lasiliva la mapilitsi, atazigoneka pa mpando.

Phee anakulitsa chithunzicho ndi zala kuti aone kamwedwe, koma maso ake anakodwa pena. Zilembo zing'onozing'ono za m'mbali zinali zonenepa, zosefukira ngati inki pa pepala lonyowa. Anadziuza kuti ndi foni ya achemwali. Koma ulusi wa nsalu ya mpandowo unkaoneka umodzi umodzi. Chomatira cha pakamwa pa bokosi chinali chopendekeka, ndipo pambali pake panali mzere wa guluu wakale, ngati chinamatulidwapo n'kubwezeretsedwa. Kenako anawerenga nambala yosonyeza gulu limene mankhwalawo anapangidwira limodzi. Ya pa bokosi inathera ndi 47. Ya pa pepala lasiliva inathera ndi 12, ndipo tsiku lothera mphamvu linkasiyana ndi miyezi isanu. Ziwirizi zimayenera kufanana.

Pakona ya bokosilo panali kapepala kobiriwira ka dzina la sitolo yawo, ndipo pansi pake mawu akuti "limodzi m'mawa uliwonse". Linali dzanja lake. Anakumbukira tsikulo: mzere wa anthu unafika pakhomo, iye anangotola, n'kulemba, n'kumata, osatembenuza bokosi.

Anafufuza pa alumali mpaka anapeza bokosi limodzi la katundu wakale litabisala kumbuyo. Analiika pafupi ndi latsopano. Lakalelo linali la buluu wakuya, zilembo zakuthwa. Latsopanolo lotuwa ngati malaya ochapidwa kambiri. Anatsegula atsopano atatu, onse manambala osagwirizana.

Atawasonyeza amalume, iwo anaseka, akupukuta thukuta. Anati makampani amasintha mabokosi ngati mmene mkazi amasinthira tsitsi, ndipo munthu wagalimoto yoyera amene anawabweretsera katunduyo ndi mnzawo wakalekale. Phee anavomereza kuti chithunzi sichingagamule mlandu, kuti zoona zake zingadziwike pokhapokha mapilitsiwo atapimidwa, koma anapempha kuti katunduyo achotsedwe pa alumali ndipo a bungwe loyang'anira mankhwala adziwitsidwe. Anafunsanso ngati munthuyo anasiya mapepala.

Kuseka kunatha.

"Adokotala, mukugona m'nyumba ya yani? Akabwera a bungwewo sadzafunsa za galimoto yoyera. Adzatseka chitseko ichi, ndipo pa bokosipo pali dzanja lanu, osati langa."

"Amene akumwa ndi mlongo wanu, amalume."

Iwo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anatsitsa mawu, nati amutumizire mlongo wawoyo bokosi lakalelo mwakachetechete, zinazo akambirana pabanja. Anabwerera ku makatoni awo, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

Phee anaima pakati pa kauntala ndi alumali, mpata umene munthu sangatambasulemo manja. Bokosi lakale linali limodzi. Atsopano amene anatuluka m'manja mwake mwezi umenewo sakanatha kuwakumbukira onse, koma nkhope zina ankazidziwa: telala wa kutsidya kwa msewu, mphunzitsi wopuma ntchito amene ankamutcha mwanangu.

Anaimbira achemwali. Anawauza kuti asawapatsenso amayi mapilitsiwo, asawatayenso, koma apite nawo kuchipatala lero lomwe akapimidwe kuthamanga kwa magazi ndi kulandira mapilitsi ena, ndipo bokosi ndi pepala lasiliva akazipereke kwa wopereka mankhwala wa kumeneko. Achemwali anayamba ndi nthabwala, kuti lero Phee walankhula mawu a chaka chonse. Kenako anazindikira. Iwo ankadziwa kumene bokosilo linachokera.

"Achimwene, nanga kapepala kobiriwiraka? Ndikamatule tisanapite? Sikavuta, ndayesa kale ndi chikhadabo."

Kuchipinda kuja mpeni unasiya kung'amba makatoni. Phee anadziwa kuti amalume akumva. Anayang'ana kiyi wa kachipinda kake kogona, amene ankalendewera pa msomali umodzi ndi makiyi a sitolo.

"Musakamatule, achemwali. Akafunsa amene analemba, mukanene kuti ndine."

Anaika foni pansi, nayamba kutsitsa mabokosi otuwawo limodzi limodzi, kuwaika m'katoni yopanda kanthu. Amalume anaima pakhomo, osalowa, osamuletsa, osamupatsanso njira yodutsira.