Masiku Khumi pa Mzere

Crispin ankasamala seva ya maimelo ya pa esiteti ya tiyi kuyambira tsiku limene inagulidwa. Inali kompyuta yakale yokhala pansi pa tebulo, koma iye ankaipukuta ngati galimoto ya bwana. Ndiye mu 2004 kampani inalemba ntchito Suzgo, mwamuna wa ku Rumphi wa dipuloma yake, n'kumuika pa tebulo lomwelo.

Makalata onse otuluka ankaima pa mzere mu sevayo. Pa theka la ola lililonse inkayesa kuwatumiza kudzera pa waya wa foni woyenda mokwawa, ndipo ikalephera kwa masiku asanu inkawabweza kwa eni ake. Suzgo ataona mmene magetsi a ku Thyolo ankathimira, anasintha asanuwo kukhala khumi. Kanthu kochepa, koma a Peterson, manijala, anamuyamikira ngati wapanga ndege. Crispin nsanje inamudya mpaka kuonda.

Kenako likulu la kampaniyo ku London linapereka malo amodzi a maphunziro ku Nairobi, dzina lifike pofika Lachisanu. A Peterson anapereka fomu kwa Suzgo. Malo amenewo Crispin anali atawadikira zaka zitatu.

Lolemba mvula inagwetsa mtengo wa bulugamu pa mawaya a foni. Suzgo anatumiza fomu yake, ikadikire pa mzere, n'kukwera minibasi ya ku Limbe, ulendo wa kumaliro kwawo. Crispin anatsegula mzerewo, n'kuona kalata yochokera kwa Suzgo yopita ku London. Kuifufuta anaopa. Anangosintha khumi kukhala tsiku limodzi, mtima uli phee. Masana magetsi nawo anapita.

Lachitatu magetsi anabwera, foni ikadali yakufa. Seva inadzuka, inayesa kamodzi, inaona kuti makalata apitirira tsiku, n'kuwabweza onse. Anzawo a mu ofesi anang'ung'udza, koma Lachinayi waya atalumikizidwa anatumizanso awo. Ya Suzgo inagona m'bokosi la maimelo la mwini wake. Crispin anabwezeretsa khumi uja, ndipo sabata yonseyo ankaimba mluzu.

Suzgo anabwera Lolemba lotsatira. Anawerenga kalata yobwererayo nthawi yaitali, kenako anatembenuka.

"Achimwene, seva ikuti inasiya kuyesa patatha tsiku limodzi. Ine ndinaika khumi."

"Makina akale awa, amaiwala," anatero Crispin, maso ali pa zenera.

"Saiwala ayi." Suzgo sanakweze mawu. "Bambo anga ndi amene tawaika aja. Ku Nairobi sindikanapita, amayi atsala okha. Ndinagwirizana ndi a Peterson Lolemba lija m'mawa, ndisananyamuke. Ndinati mudzamve kuchokera ku London."

Anatembenuza sikirini kuti Crispin aone fomuyo. Pa mzere wa dzina panalembedwa Crispin Namakhwa, zilembo zonse zolondola.