Moni Wopita kwa Amparo

Mayi Puring anaphunzitsa Chingelezi zaka makumi atatu ndi zisanu pa sekondale ina mu mzinda wa Iloilo, ndipo mpaka lero amuna a imvi akakumana nawo pamsika amawongola msana ndi kuyamba kusankha mawu. Anali mphunzitsi uja amene mwana akaphonya katchulidwe ka liwu limodzi ankamuimiritsa kuti alibwereze mpaka belo lilire. Atapuma pantchito cholembera chofiira sanachisiye kusukulu. Chinkakhala m'thumba la diresi lawo, ndipo ngakhale chikalata cha zolengeza za kutchalitchi chinkabwerera kwa bambo mfumu chili ndi mizere.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanadulidwepo mzere: Amparo wa ku Zamora, m'dziko la Sipeni. Anayamba kulemberana makalata ali atsikana, masisitere a kusukulu atawapatsa dzina ndi keyala yake. Amparo anaphunzira Chingelezi akugwira ntchito mu hotela, ndipo ankachilemba mopindika ngati njira ya mbuzi, koma Mayi Puring ankawerenga osaona cholakwa. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri makalata ankaoloka nyanja, akusimba za maukwati, za ana, kenaka za maliro a amuna awo. Anadzaza zitini zinayi za mabisiketi. Koma awiriwa anali asanamvanepo mawu. Mafoni atabwera anagwirizana kuti zimenezo ndi za ana, iwo apitiriza ndi sitampa.

Lolemba lina kunabwera uthenga pa WhatsApp kuchokera kwa Nuria, mwana wa Amparo. Amayi ake anali atagwidwa ndi sitiroko. Kuwerenga kunali kutatha, ndipo Chingelezi chonse chinali chitafufutika m'mutu, kungotsala Chisipanishi cha kubadwa nacho. "Madokotala sakutipatsa masiku ambiri," analemba Nuria. "Kumva akumva. Ngati mungathe, atumizireni mawu anu, ngakhale moni chabe, m'chilankhulo chathu."

Mayi Puring analira kaye, kenaka anavala nsapato ndi kuoloka msewu kupita kwa Consing.

Consing anali mnzawo wa kutchalitchi, wocheperapo msinkhu, amene anakhala zaka khumi ndi ziwiri ku Madrid akukolopa nyumba za anthu. Anampeza akusenda mango osapsa pakhonde.

"Lero dzuwa lituluka kumadzulo," anatero Consing atamva nkhaniyo. "A Puring kudzaphunzira kwa ine, amene munandiuza kuti Chingelezi changa n'cha pa doko?"

"Iwe Consing, nthabwala ina. Munthu akufa uko."

"Pepani, Manang, mkulu wanga. Khalani apa. Mukufuna kumuuza chiyani?"

Anakangana ola lathunthu. Mayi Puring ankafuna ndime zitatu ndi vesi la m'Masalimo. Consing anakana, nati wodwala samva ulaliki. Pamapeto pake panatsala mizere isanu ndi umodzi, imene Consing analemba kuseri kwa kalendala yakale. Pansi pa mzere uliwonse analembanso mawu omwewo monga amamvekera, atawadula m'zidutswa, chidutswa chokweza mawu chili m'zilembo zazikulu, ndi kamzere kopendekeka popumira.

Hola, Amparo, querida amiga.
O-la / am-PA-ro / ke-RI-da a-MI-ga

Soy Puring, desde Iloilo.
soi PU-ring / DES-de i-lo-I-lo

Por fin oyes mi voz.
por FIN / O-yes mi BOZ

Guardo todas tus cartas.
GWAR-do TO-das tus KAR-tas

Te quiero mucho.
te KYE-ro MU-cho

Un abrazo muy fuerte.
un a-BRA-zo / mui FWER-te

"Ndiye kuti: moni Amparo, mnzanga wokondedwa. Ndine Puring wa ku Iloilo. Pamapeto pake wamva mawu anga. Makalata ako onse ndikusunga. Ndimakukonda kwambiri. Ndakukumbatira zolimba," anatero Consing. "Chilembo choyambirira cha hola musachitchule, n'chongokongoletsa. Pamene pali z, a kwawo kwa Amparo amaika nsonga ya lilime pakati pa mano n'kupuma, ngati mwana wogweka mano. Mukalephera ingonenani s, ena kumwera kwa dzikolo amatero ndipo palibe anamangidwapo."

"Ine sindinena za ena. Ndinena za ku Zamora."

Mawa lake m'mawa anakhala pakhonde la Mayi Puring, foni kudzanja lina, kalendala kudzanja linzake. Consing anawaonetsa pogwira: chala chikanikize kachizindikiro ka maikolofoni, chisachoke mpaka mawu athe. Mizere iwiri yoyamba inayenda bwino. Atafika pa voz lilime linatuluka mopitirira, mano oikirira a m'mwamba anagwedera, ndipo nthawi yomweyo tambala wa Nong Berting, woyandikana nawo nyumba, analira kuseri kwa mpanda ndi mphamvu zake zonse. Consing anaphulika ndi phwete. Mayi Puring anatukwana tambalayo m'chilankhulo chakwawo, nawonso n'kuyamba kuseka misozi ili m'maso, ndipo anamaliza mizere yotsalayo akupuma modukizadukiza. Kenaka anachotsa chala kuti agwire mano awo.

"Wapita," anatero Consing.

"Wapita kuti?"

"Ku Sipeni, Manang. Mukachotsa chala ndiye kuti mwatumiza. Musiyeni, ndi wabwino. Ndi inuyo ndithu."

Masana onse Mayi Puring anakhala akuyang'ana foni. Kuno kukamada n'kuti ku Sipeni ali pa nkhomaliro, ndipo nthawi ngati imeneyo kachizindikiro ka pa uthengawo kanasanduka kobiriwira ngati thambo, kusonyeza kuti wina wamvetsera. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Zaka zonsezi Amparo ankawadziwa ngati mayi wa zilembo zoongoka, ndiye kwa nthawi yoyamba amve gogo wotukwana nkhuku, mano ali gwedegwede? Anasindikiza uthengawo mpaka panatuluka mawu ofunsa ngati afufute kwa iwo okha kapena kwa onse. Anasankha kwa onse. Pamalo pake panangotsala kamzere kotuwa konena kuti uthenga wafufutidwa.

Sipanapite nthawi Nuria analemba: "Uthenga uja wasowa. Chonde tumizaninso."

"Unali woyeserera chabe, mwana wanga," anayankha. "Wabwino ukubwera."

Apa ndiye uphunzitsi unawabwerera wonse, ndipo ndinene mosabisa kuti ndi umene unawapweteka. Anakopera mizere ija papepala loyera, nawonjezera zizindikiro zawozawo ndi cholembera chofiira. Anaima pagalasi kuyang'ana lilime. Anapeza pa foni pojambulira mawu popanda kutumiza, ndipo ankajambula, kumvetsera, kudzipatsa malikisi, kufufuta. Lachitatu anapita kwa Nong Berting kukadandaula za phokoso, ndipo bamboyo, amene kale anali mwana wawo wa sukulu, ananyamula tambala wake wa mpikisano ndi kukamsungitsa kwa mlamu wake ku Oton. Lachinayi mawu anasasa chifukwa cha kubwereza. Anamwa tiyi wa jinja n'kudikira kuti pakhosi patseguke.

Consing anadzera pakhomo pawo Lachisanu, ali ndi chikwama, akupita pachilumba cha Guimaras ku chikondwerero cha parishi ya kwawo.

"Mwatumiza?"

"Patsala z yekha."

"Manang, kodi mukufuna ntchito pa wailesi? Mayi uja sakulemba mayeso anu. Tumizani lero."

"Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndayamba, ndimaliza bwino. Pita, boti likusiya."

Loweruka madzulo Nuria analemba mizere iwiri. Amparo anali atamwalira m'mawa wa tsikulo, ali m'tulo.

Mayi Puring anakhala pa mpando mpaka miyendo inachita dzanzi. Chisoni chinali chachikulu, koma pansi pake anapeza pogwira. Kwawo ku Iloilo maliro sathamangiridwa. Bokosi limakhala pabalaza sabata yathunthu, mwina iwiri, kudikira ana ochokera ku Dubai ndi ku Canada, anthu akumwa khofi, kusewera makadi ndi kupemphera kolona. Amene anali ndi mawu osanenedwa amawerama pa bokosi n'kunong'oneza womwalirayo, ndipo aliyense amadziwa kuti mawuwo afika. Iwo eni anatero kwa amuna awo. Ndiye anawerengera kuti nthawi ilipo. Lamulungu lonse atachoka ku misa anayeserera, ndipo Lolemba m'mawa, pabwalo pali zii, anakanikiza chala nanena mizere yonse isanu ndi umodzi popanda chilema. Voz inatuluka ngati ya mwana wobadwira ku Zamora. Pansi pake analemba kupempha Nuria kuti aike foni pafupi ndi khutu la amayi ake bokosi lisanatsekedwe.

Consing anafika masana ndi thumba la mango. Anamvetsera nkhani yonse, kenaka anaika thumbalo pansi pang'onopang'ono.

"Anamwalira liti?"

"Loweruka m'mawa."

"Manang," anatero, ndipo nthabwala zonse zinali zitamuthera. "Kumene kuja sagoneka maliro. Munthu akafa lero, mawa amuika. Akachedwetsa ndi mkucha."

"Tsiku limodzi? Nanga achibale?"

"Amene wafika wafika."

Yankho la Nuria linabwera awiriwo ali pakhonde pomwepo. Maso a Mayi Puring anakana kuwerenga, ndiye anapatsa Consing foniyo, ndipo iye anawerenga ndi Chingelezi chake cha pa doko chija, popanda womuwongolera.

"Zikomo, Tita Puring, azakhali anga. Amayi tinawaika dzulo masana. Uthenga wanuwu ndamvetsera, mukulankhula bwino kwambiri. Koma ndikufuna mudziwe za woyamba uja. Ndinawaikira pakhutu kamodzi usanasowe. Anaseka, mbali imodzi ya kamwa, kwa nthawi yoyamba chidwalireni. Anati, ndi Puring ameneyo, ali ndi tambala. Masiku atatu otsatira ankandigwira dzanja n'kumanena kuti ndibwereze wa tambala uja. Ndinkawauza kuti mukutumiza wina. Ngati mukadali nawo penapake, chonde nditumizireni, ndikufuna ndiusunge."

Mayi Puring anatenga foni ndi kuyendetsa chala m'mwamba, kudutsa uthenga wangwiro uja, mpaka pa kamzere kotuwa. Anakakanikiza kawiri, katatu. Palibe chinatuluka.

"Consing, sungabwezedwe?"

"Munati kwa onse, Manang."

Anatulutsa cholembera chofiira m'thumba, nachiyang'ana, n'kuchiika pa tebulo pambali pa pepala lija. Kenaka anatembenukira ku mpanda wa Nong Berting ndi kutchera khutu nthawi yaitali. Kuseriko kunali chete, monga momwe iwo anapemphera.