Bokosi Lolembedwa "Za Ine"

Sindinauzepo munthu kuti makolala ndi zipi zonse zimene makasitomala amayamikira amayi, ndimasoka ndine. Maso awo anayamba kuvuta ndili fomu 3.

Sukulu ya zosokasoka inkatenga ana asanu osalipira fizi, ndipo tsiku limenelo linali lomaliza kufunsira malo. Ndinakhala pakompyuta ya kulaibulale kuti ndilembe fomu yake, achemwali anga ataima kumbuyo kwanga. Dzina ndi zaka sizinavute. Kenaka panabwera bokosi lakuti "Za ine: fotokoza zimene umatha." Ndinalemba kuti, "Amayi anga ndi telala waluso. Aphunzitsi anga anali abwino. Nthawi zina ndimathandizako pang'ono."

Achemwali anawerama n'kuwerenga. "Iwe, akufuna malowa ndani, iwe kapena amayi? Ukawalembetsa sukulu?"

"Nanga ndilembe chiyani? Aziti ndikudzitama."

"Ndani aziti? Anthuwo sakukudziwa n'komwe. 'Pang'ono' ameneyo akamutaya m'bini."

Ndinafufuta. Ndinalemba "Ndimatha", n'kufufutanso. Bambo wa mulaibulale anayamba kutseka mawindo, makiyi akulira m'thumba.

"Tasiya kaye kiyibodiyo," anatero achemwali. "Undiuze ineyo pakamwa, ndilemba ndine. Umathandiza chiyani kwenikweni? Kutola mapini?"

Ndinayang'ana pansi n'kuyankha monong'ona.

"Sindikumva, mwana iwe."

"Bulauzi mwavalayo," ndinatero, "ndinadula ndine, ndinasoka ndine. Amayi anangosita."