Kabatire Kofiira pa Ukwati wa Faines

Kanyali kanayaka atangowoloka mlatho woyamba, nyimbo ili pakati. Reinford anakaona ndi ngodya ya diso, kachithunzi ka batire kofiira psuu pa dashibodi, ndipo anachita zomwe madalaivala ambiri amachita: anayang'ana kumbali ngati sanakaone.

Kumbuyo kwa pikapu amayi a ku Msakambewa ankaimba mpaka msewu wonse kunjenjemera. Nthungululu zinkamveka mapiri onse, nthambi za maluwa zomangidwa pa boneti zikuvina ndi mabampu. Kutsogolo, pakati pa Reinford ndi azakhali awo a Susana, panakhala mkwatibwi Faines, mlongo wa Reinford, atavala zoyera mbee, manja ali pamiyendo ngati mwana wa sukulu.

Faines anadwala poliyo ali wamng'ono, mwendo wakumanzere n'kutsala wowonda, ndipo ankayenda motsimphina. Anthu a pakamwa posatseka ankati ameneyu akadzakwatiwa n'komwe, adzapita naye pa ngolo mwakachetechete, anthu ali kumunda. Reinford anawamva mawuwo ali mnyamata ndipo anamuwawa mpaka kukula nawo. Tsiku lomwe a Danieli, mphunzitsi wa ku Kasakula, anatumiza ankhoswe awo, iye analumbira pamaso pa mudzi wonse kuti mlongo wake adzafika pa tchalitchi pa galimoto, hutala ikulira, ngakhale ogontha adziwe kuti Faines akukwatiwa. Anakagwada kwa bwana wake ku esiteti ya fodya komwe ankayendetsa, ndipo bwanayo anamubwereka pikapuyo.

"Imba hutala, mwanawe!" anakuwa a Susana. "Ukwati wanji wopita chinunu ngati tabera mbuzi?"

Reinford anaimba. Hutala inalira, amayi kumbuyo n'kuyankha. Koma khutu lake linamva kuti liwu lake latsika pang'ono.

Amati tsoka silinunkha, koma ili linali litanunkha sabata yonse. Kanyaliko kankaphethira pa mabampu n'kuzimanso, ndipo Felton, makaniko wa pa esiteti, anali atamuuza kuti mabulashi a alitaneta atha, aisiye galimotoyo aikonze. Reinford anati pambuyo pa ukwati. Kuwonjezera apo, dzulo lake anyamata a m'mudzi anamunyengerera mpaka anachotsa batire m'galimoto kuti liimbe wailesi pa mchezo. Anthu anavina fumbi kobo, ndipo m'mawa pikapu inachita kukankhidwa kuti ilire. Iye sanade nkhawa, poti ankati alitaneta ilidzaza batirelo panjira. Tsopano alitanetayo ndi imene inagona.

Kaseti ya kwaya imene inkaimba m'galimotomo inayamba kukoka mawu, nyimbo ya chimwemwe n'kusanduka ya pamaliro. Reinford anaithimitsa. Anathimitsanso nyali zakutsogolo, zomwe galimoto ya ukwati imayatsa ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe! Wazimitsiranji nyali?"

"Azakhali, mwakaona kanyali aka?"

A Susana anawerama n'kukayang'anitsitsa. "Eya, n'kokongola. Nako kakusangalala. Yatsa zinzake."

Faines anaseka, koma kenaka anamuyang'ana mchimwene wake kumaso ndipo kuseka kunatha. "Achimwene, tifika?"

"Tifika," anatero, maso ali pamsewu.

Pamwamba pa chitunda chotsatira anaimika galimoto itayang'ana kumunsi, n'kuzimitsa injini. Amayi kumbuyo anaganiza kuti ndi nthawi yovina, ndipo anatsika n'kuyamba chimtali pamsewu pomwepo. Reinford anatsegula boneti akupemphera kuti likhale vuto la lamba. Lamba akamasuka, alitaneta sizungulira bwino, ndipo munthu umangomukunga ndi sipanala n'kumapita. Anamudina ndi chala. Anali wolimba, wosang'ambika, ndipo injini sinali kutentha mopitirira. Anagwedeza mawaya a kumbuyo kwa alitaneta, onse anali ogwira. Basi, Felton ananena zoona.

A Susana anafika atanyamula chitenje m'manja kuti chisade. "Tandiuza m'Chichewa, chavuta n'chiyani?"

"Batire ndi mtsuko, azakhali. Ichi, chotchedwa alitaneta, ndi chimene chimatungira madzi mumtsukomo injini ikamayenda. Chasiya kutunga. Ndiye tikumwa otsala, ndipo otsalawo tinavinira dzulo."

"Nanga petulo ndinagula uja?"

"Petulo sayaka yekha. Amafuna moto wa m'mapulagi, ndipo motowo ukuchokera mumtsuko womwewo. Nyali zimamwa, wailesi imamwa, hutala ndiye chidakwa. Akatha, injini izima, ngakhale thanki ili yodzaza."

A Susana anagwira pakamwa. Iwo ndi amene dzulo anavina kuposa onse, n'kumakuwa kuti akweze wailesi.

Panali njira imodzi yomwe madalaivala amaidziwa. Reinford anatenga sipanala n'kugogoda alitaneta pang'onopang'ono, kuti mwina mabulashi othawo angasunthe n'kukhudzanso pomwe amayenera kukhudza. Anakweza anthu onse, anatsegula kiyi, anamasula buleki, pikapu n'kuyamba kutsetsereka. Anaponya giya yachiwiri, anasiya kilatchi, injini n'kudzuka. Anaponda mafuta.

Kanyali kanazima!

"Kazima! Kazima!" anakuwa Faines, akumenya dashibodi ngati ng'oma. A Susana anatulutsa mutu pawindo n'kulengeza kwa amayi kumbuyo kuti mwana wa achimwene awo ndi dokotala wa magalimoto. Nthungululu inagwa ngati mvula. Reinford mwini anaseka mpaka misozi, ndipo posangalalapo anaimba hutala kwa anthu ogulitsa mbatata pamsewu, amene sanamupemphe n'komwe.

Chimwemwecho chinatha pa dzenje loyamba. Galimoto inadumpha, ndipo kabatire kanabwerera, kofiira, kosaphethira. Anaimanso pa mtsetse wina n'kugogoda, koma ulendo uno alitaneta inakana kumva.

Tsono munayamba mpikisano pakati pa batire ndi mapiri a Ntchisi, ndipo amene anayendapo akudziwa kuti kumeneko ukatsika chitunda chimodzi, china chili kale pamphuno. Tchalitchi chinali kutali ndithu. Abusa anali ndi maukwati ena tsiku lomwelo, ndipo sanali munthu wodikira. Reinford anayendetsa ngati wakuba. Sanayatse chilichonse, ngakhale nyali yokhotera. Buleki ankaiponda pokhapokha pofunika, chifukwa nayo imayatsa nyali kumbuyo. Pa kamsika kena anyamata a chipani anaimika galimoto kuti aone makadi a chipanicho, ndipo iye sanazimitse injini. Amayi anatulutsa makadi awo m'mabulauzi akuimba, anyamatawo n'kuwalola apite, mmodzi akuvina.

Ana ankathamangira kumsewu akufuula kuti hutala, hutala. Dzanja la a Susana linayamba kuyenda lokha kulowera ku chiwongolero.

"Azakhali, chonde!"

"Kamodzi kokha."

"Mukaimba pano, pa tchalitchi tikafika wapansi."

"Azakhali, asiyeni," anatero Faines motsitsa. "Hutala ndi yanga. Ndikuisunga."

A Susana anabweza dzanja n'kulikhalira. Kenaka anatulutsanso mutu pawindo. "Amayi inu! Galimoto yasowa mawu. Hutala ndinu!" Ndipo amayiwo, amene sanafunikire kuuzidwa kawiri, anaimba mpaka agalu a m'midzi kuthawira kuseri kwa nkhokwe.

Pa chitunda chomaliza injini inayamba kutsokomola. Inkakoka, n'kuleka, n'kukokanso. Reinford anaona thukuta likudontha pa tayi yake yobwereka. Moto wa m'mapulagi unali kufooka, ndipo pamwamba panali pakadali patali.

"Tsikani mukankhe!" anakuwa.

Amayi anadumpha ndi zovala zawo za ukwati, nsapato zili m'manja. Anagwira pikapu kumbuyo ndi m'mbali, nyimbo osaisiya, ndipo a Susana anali pakati pawo, duku litapendekeka. Alimi awiri amene ankachokera kudimba anaponya makasu pansi n'kuthandiza osafunsa. Injini inkalira ngati nkhalamba ya chifuwa, galimoto ikukwera pang'onopang'ono, mpaka mphuno yake inasuzumira kuseri.

Kumunsi kunaoneka denga la malata la tchalitchi, ndi khamu la anthu pabwalo.

Apa Reinford anayenera kusankha. Moto wotsalawo sukanakwanira injini ndi hutala pamodzi. Anadikira amayi akwere, kenaka anazimitsa injini yekha. Msewu unali wotsetsereka bwino, ndipo pikapu inayamba kutsika chinunu, matayala okha akumveka pa miyala. Buleki inalimba chifukwa injini inali itazima, ndipo anaiponda ndi mphamvu zake zonse. Batire likapuma pang'ono limapezako kamphamvu, ndipo iye ankawerengera kamphamvu komweko.

Atayandikira, anatenga dzanja la mlongo wake n'kuliika pakati pa chiwongolero. "Imba wekha."

Faines anadina.

Hutala inalira, ndipo inalira ndithu! Anthu onse pabwalo anatembenuka. Anadinanso, inaliranso, ana n'kuyamba kuthamanga kudzawachingamira. Kachitatu inalira ngati mbuzi yomangidwa pakhosi, n'kuthera m'kamawu kochititsa manyazi, ndipo kenaka zii. Kanyali kofiira kaja nako kanali katafooka. Msewu unafika posalala, pikapu inayenda pang'ono n'kuima pansi pa mtengo wa mbawa, bwalo lonse la tchalitchi lili patsogolo pawo.

Reinford anagwetsa mutu pa chiwongolero. Anamva chisoni chenicheni. Iye ankafuna akamutsitsire pakhomo penipeni, kuti anthu asaone kutsimphina kuja. "Dikira, Faines. Atikankha mpaka pakhomo."

Amayi anali atagwira kale galimoto kumbuyo. Koma Faines anali atatsegula chitseko. Anatsitsa mwendo wabwino, kenaka winawo, n'kukonza velo yake. Kutali pa masitepe a Danieli anali ataima ndi suti yawo, akumwetulira ngati munthu wotola ndalama. M'khamumo munalinso ena mwa aja a nkhani ya ngolo.

"Achimwene," anatero Faines, maso ali waliwali, "kumva andimva. Tsopano andione."

Anamugwira mkono mchimwene wake, ndipo anayamba kuyenda pakati pa bwalo, pang'onopang'ono, mutu uli m'mwamba. A Susana anaimba nthungululu yoyamba, bwalo lonse n'kulandira. Reinford anayenda pambali pake akulira poyera ngati mwana, kiyi ya galimoto ikadali m'manja.