Mawaya Khumi Achikasu

Makina oziziritsa madzi a chipatala chatsopano amayenera kuperekedwa kwa eni ake Lachisanu. Lachitatu m'mawa, injiniya woyesa makinawo anatsikira m'chipinda cha pansi atanyamula fayilo yake. Munali ndondomeko yonse, ndipo mayeso aliwonse anali ndi tsamba lake: chochita, choyenera kuoneka, ndi posainira.

Wamagetsi pa ntchitoyo anali malume ake, omwe anamuphunzitsa kugwira pulayala. Kontirakitala wamkulu, yemwe anthu ankamutcha Zatheka, ankakonda kuseka kuti pano mayeso ndi a pachibale. Injiniyayo sankaseka nawo. Ankadziwa kuti pakapezeka cholakwika atasaina kale, dzina lake ndi la malumewo adzagwera limodzi.

Mapampu anadutsa bwino. Mafani a pansanja yoziziritsira madzi anazungulira koyenera. Injiniyayo anafika pa tsamba lakhumi ndi chinayi: kutseka valavu pang'onopang'ono makina akuyenda. Madzi akachepa, kaswichi ka m'paipi kayenera kuzimitsa makinawo, apo ayi madzi angaundane m'timachubu ta mkati n'kutiphulitsa.

Zatheka anati zimenezo anayesa kale kufakitale, angosaina. Injiniyayo anayankha kuti kufakitale kunalibe mapaipi awa. Anaika dzanja pa batani lozimitsira, n'kuuza pulambala kuti ayambe kutseka.

Singano ya geji yoyezera madzi inatsika, inadutsa mzere wofiira. Makina anapitiriza kulira ngati palibe chachitika. Injiniyayo anadina batani.

Zatheka anayamba kunena zoti kaswichiko n'kabodza, aitanitse kena, ndipo zopereka makina Lachisanu zatha basi.

Malume anatsegula bokosi lawo la zida n'kutulutsa mtolo wa mawaya achikasu, aja ankalumphitsira magetsi pamaswichi poyesa bolodi loyendetsera makina madzi asanalowe m'mapaipi. Ankawadula aataliatali dala kuti asabisale, ndipo anali khumi chiyambire. Anawerenga pamaso pa onse. Anakwana asanu ndi anayi.

"Kaswichi kalibe mlandu," anatero. "Ndinaona Lolemba kuti mmodzi wasowa, ndimati wagwera m'galimoto."

Anazimitsa magetsi a bolodi, natsegula. Wayayo anali kuseri kwa mtolo wina wa mawaya, atagwira mbali zonse ziwiri za kaswichi, moti magetsi ankangodutsa ngakhale kaswichiko kazime.

"Ndiye ulemba chiyani, mphwanga?"

"Zomwe zachitika, malume. Zakanika koyamba, chifukwa chake, ndi amene wachipeza."

"Lemba ndithu. Koma ulembe bwino, zolemba zako zija ngati nkhuku yapalasa."

Atachotsa wayayo, anayatsanso makina, pulambala natsekanso valavu. Singano isanafike n'komwe pansi, makina anazima okha. Zatheka anapuma mozama, nati ankadziwa kuti zitheka.

Masana, injiniyayo anawonjezera mzere pamwamba pa ndondomeko: mawaya olumphitsira awerengedwe mayeso asanayambe, wamagetsi asaine. Malume anasaina mosafulumira, natenga pulayala yawo. Kunatsala masamba asanu ndi limodzi, ndi tsiku lathunthu.