Ya Mpamba, Osati ya pa Mpamba

Fyness analakwitsa chinthu chimodzi basi: anatsegula uthenga wa mawu wa achimwene ake pakhonde, mayi ake ndi amalume ake ali pomwepo. Akanapita nayo kuseri kwa bafa foniyo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma munthu akasangalala nzeru zimathawa.

Julius, mchimwene wakeyo, anali ku Joni chaka chachisanu, akutsuka magalimoto. Mawu ake ankamveka movutikira chifukwa cha phokoso la makina opopera madzi.

"Amama moni, amalume moni. Ndatumiza 600 sauzande ya mpamba kwa Fyness. Ya mwezi uno ndiona kumapetoku."

A Sitima, amalume ake, anawomba m'manja kamodzi. "Mwana uyu ngoleredwa. Chiliza cha amayi chatheka chaka chino."

"Chatheka ndithu," anatero a Eveles, mayi a Fyness, misozi ili lengelenge m'maso. Mayi awo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo manda awo anali akadali mulu wa dothi pakati pa ziliza za eni ake.

Fyness anawadula mawu. "Amalume, sanati ya pa Mpamba. Ati ya mpamba. Yoyambira geni ya mpunga ija."

Apa mpofunika ndifotokoze, chifukwa mkangano wonse unagona pa kamawu kakang'ono ngati nsabwe. Mwezi ndi mwezi Julius ankatumiza ndalama yothandizira pakhomo, ndipo inkafikira pa Mpamba wa mufoni ya a Eveles. Choncho pakhomo paja munthu akati "ya pa Mpamba," ankanena ndalama ya aliyense: ya sopo, ya kuchigayo, ya feteleza, ya chipepeso kumaliro. Tsono mwezi womwewo foni ya a Eveles inali itagwera m'ndowa. Mwaonatu? Kwa iwo zinali zoonekeratu kuti mwana watumizira mlongo wake poti foni ya mayi yafa.

Chonsecho Fyness ndi Julius anali atakambirana kwa miyezi isanu ndi umodzi. Julius anagona ndi njala kuti ndalamayo ikwane, ndipo ananena mosapsatira kuti kachitatu sadzatumizanso. Koyamba anatumizira Goodman, mng'ono wake, yemwe anatsegula okala pafupi ndi msewu. Okala uja sanabedwe, sanapse. Anangodyedwa. Lero shuga wa alendo, mawa sopo wa amama, mkuja mafuta a amalume, zonse "tidzabweza." Itatha miyezi itatu, pashelefu panatsala machesi ndi akangaude. Fyness anaziona ndi maso ake, nchifukwa chake anagula simu yatsopano ya geni yokhayokha, ndipo nambala yachinsinsi sanauze ngakhale mnzake wa kukwaya.

"Bwereza timvenso," anatero a Sitima.

Anabwereza kasanu. Pakati pa "ya" ndi "mpamba" makina aja ankachita phokoso, ndipo a Sitima ankamvapo "pa" ulendo uliwonse. Khutu la munthu wofuna ndalama ndi lakuthwa zedi.

"Tingomuimbira mwini wake," anatero Fyness.

Anamuimbira madzulo ataweruka. A Sitima ndiwo analanda foni n'kuyamba ndi mayina a akufa, mmodzimmodzi, kenako anamufunsa Julius ngati akukumbukira agogo ake amene ankamubereka kumbuyo kupita naye kusikelo. Julius anakhosomola. Anati inde ndalamayo ndi yoyambira geni, komanso chiliza n'chofunika, komanso iye ali kutali.

"Mumvana konko," anatero, foni n'kudula.

Wamantha! Iye ali mtunda wa masiku awiri pa basi, koma sanathe kunena ayi wa mphindi imodzi. Anamusiyira mlongo wake moto m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo panasanduka pabwalo la milandu. A Sitima ankafika mmawa uliwonse, n'kutsamiritsa njinga pamtengo wa mango ngati munthu wobwera kuntchito.

"Ine ndine mwini mbumba pano," ankatero. "Chilichonse cholowa pakhomo la mlongo wanga chimadzera kwa ine. Simenti matumba asanu ndi limodzi, mmisiri, mbuzi, chimera cha thobwa. Sitikupempha yonse. Theka lokha."

"Theka likachoka, amalume, yotsalayo sikwana. Ndigula matumba anayi, phindu lake lithera mayendedwe."

"Ndiye agogo ako azigona ngati galu chifukwa cha mayendedwe?"

"Dikirani chaka chamawa. Chiliza ndidzamanga ndi phindu, ndikulonjeza."

"Phindu!" A Sitima analavulira pambali. "Chibale ndi fupa, mwana iwe, sichiola. Mpunga wakowo uola."

A Sitima sankamupweteka kwenikweni, chifukwa Fyness ankadziwa kuti pa matumba asanu ndi limodziwo, awiri akathera pakhonde la nyumba yawo. Omwe ankamupweteka ndi mayi ake. A Eveles sankafuna kudyapo kanthu. Ankangochita manyazi chifukwa cha manda aja, manyazi enieni, ndipo Fyness ankawamvetsa. Anasiya kumutchula dzina. Akafuna kumulankhula ankalankhula kwa nkhuku.

"Dyani, nkhuku zanga, dyani. Pano pali bwana, mawa adzakulipiritsani madeya."

Tsiku lina akusenda chinangwa anamuyang'ana m'maso. "Ine ndikadzafa usadzavutike. Udzangondikulunga m'thumba la mpunga."

Fyness analowa m'nyumba n'kulira, kulira kwenikweni kwa mamina. Atatha anazindikira kuti ndalama ikakhalabe mufoni, tsiku lina adzagonja. Ndalama ya mufoni ndi yofewa, imachoka ndi chala chimodzi.

Unali mwezi wa June, alimi a kuchigwa atangomaliza kupuntha, mitengo ikadali pansi. Lachiwiri mmawa anabwereka sikelo, n'kukwera kabaza kulowera cha ku Chilwa. Kwa ejenti anatapa yokwanira tsikulo, ina n'kuisiya. Sanagule mwaphuma. Thumba lililonse ankapisa mkono mpaka pansi, kuluma njere kuti amve ngati wauma, ndipo wamphwephwa ankaukana ngakhale mlimi alumbire bwanji. Masiku awiri anagula matumba asanu ndi atatu. Yotsala anaisungira mayendedwe, kupunthitsa ndi chiphaso cha pamsika.

Matumbawo sanapite nawo kunyumba. Thumba likalowa m'nyumba ya mayi ako si katundunso, ndi chakudya. Anakawasungitsa kuchigayo cha mpunga ku Migowi, kwa a Makina, omwe amalipiritsa kangachepe pa thumba, ndipo lililonse analilemba dzina lake ndi utoto.

Atabwerera anapeza a Sitima akumudikira.

"Ndalama ija yatha, amalume. Ndagula mpunga."

Mitsempha ya m'khosi mwa a Sitima inatupa. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Eveles, unabereka njoka. Ikadzakuluma usadzandiitane."

A Eveles sanakuwe. Analowa m'khitchini, n'kutulutsa poto mmodzi, mbale imodzi ndi chikho, n'kuziika pansi kutsogolo kwa mwana wawo. "Poti zako sizisakanikirana ndi zathu, zathunso zisasakanikirane ndi zako. Uziphika wekha."

Walira mvula walira matope. Fyness anatola ziwiyazo n'kukaika mafuwa ake kuseri kwa nkhokwe.

Geni inayamba. Ankapunthitsa thumba limodzi nthawi imodzi, ndipo pa makilogalamu 50 ankatulukapo 30 ndi pang'ono oyera. Wosweka ankaugulitsa padera kwa azimayi a phala, madeya kwa oweta nkhumba. Thumba likatha, choyamba ankachotsa mtengo wogulira lina, kuphatikizapo chigayo ndi mayendedwe, n'kukaiika pa simu ya geni tsiku lomwelo asanadutse pa ogulitsa zitenje. Yotsalayo ankaigawa pawiri: ina yokulitsira mpamba, ina malipiro ake. Ngakhale iye mwini akafuna mpunga wa Lamulungu, ankauyeza pasikelo n'kulipira kuchokera m'malipiro akewo. Anzake a pabenchi ankamuseka kuti akudzigulitsa yekha. Iye ankangoti asekeni.

Pa malipiro ake oyamba anagula shuga, sopo ndi mafuta ophikira, n'kukaziika pakhomo la chipinda cha mayi ake. Izitu zinali zake, zoti angapereke ndi mtima wonse. Mmawa anazipeza pa mafuwa ake, zosatsegulidwa. Anayesanso mwezi wotsatira, zinabwereranso.

Mu September, matumba atafika khumi, kubanja kwa a Stafford, oyandikana nawo, kunali kuvundukula chiliza. Mudzi wonse unapita kumanda. A Eveles anaima pafupi ndi mulu wa mayi awo, anthu akuwadutsa n'kumayang'ana kumbali. A Sitima anaonetsetsa kuti aliyense wamva chifukwa chake.

Tsiku la msika lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Fyness ataweramira thumba anaona mapazi awiri ataima kutsogolo kwa benchi lake. Anawadziwa asanadzutse mutu. Anaganiza kuti mwina mkangano uja watha.

"Amama, mwabwera? Khalani apa pamthunzi."

"Mukuchita bwanji pakilo, mayi?" anafunsa a Eveles.

Mayi. Mukuchita. Chibadwire anali asanamvepo "inu" kuchokera pakamwa pamenepo.

"Amama, musatero."

"Ndafunsa mtengo. Kunyumba kwabwera azimayi a chigwirizano, ndifuna makilo awiri. Ngati simugulitsa ndipite kwa anzanuwo."

Amayi a benchi loyandikana anasiya kukuwa malonda awo. Fyness anatchula mtengo ndi mawu osamveka bwino. A Eveles anamasula mfundo ya chitenje, n'kuwerenga ndalama imodziimodzi, kuziyala pabenchi, osati m'dzanja lake. Inali ya Julius ya mweziwo, ya pa Mpamba ija.

Fyness anayeza makilo awiri, n'kuthira m'jumbo. Kenako anatapa wina ndi manja onse awiri kuti aike basela, monga amachitira ndi wogula aliyense, ngakhale mlendo wongodutsa.

A Eveles anatseka jumbo ndi dzanja.

"Ayi, mayi, musaonjezere. Mungagwetse mpamba."

Anamanga jumbo lawo, anadikira chenji mpaka ya 50 kwacha yomaliza, n'kulowa m'chigulu cha anthu. Fyness anatsala chiimire, mpunga uli m'manja, ukudontha pakati pa zala. Wogula wina anali atafika kale akufunsa mtengo, ndipo Fyness anaubwezera mpunga uja m'thumba.