Apongozi ndi Chimbudzi Chimodzi

Kolera italowa mu bairo lathu la Chimadzi, dera la mu mzinda wa Tete, ine Gertrudes ndinasanduka msilikali. Mwana ndinali naye mmodzi yekha, Gizela, wa zaka zinayi, amene anabwera nditapita padera kawiri. Ndinalumbira kuti nthendayo idzalowa pa khomo lililonse koma osati langa. Mipope inali itauma, ndiye tonse tinkatunga m'zitsime zokumba mu mchenga wa kumtsinje, koma madzi anga sankamwedwa ndisanathiremo kolorini ndi kuwadikirira. Pafupi ndi chimbudzi ndinapachika kabotolo ka madzi ndi sopo. Mwamuna wanga Venâncio, woyendetsa chapa, minibasi ya ku Matundo, ankandiseka kuti posachedwa ndiyamba kuchapa ndi nkhuku zomwe.

Ndiye apongozi anga, bambo Amadeu, anatsika kuchokera ku Tsangano kudzaonetsa maso awo kuchipatala. Munthu wabwino, ndisaname. Anatibweretsera thumba la mbatatesi, ndipo Gizela ankamutcha mkazi wawo wamng'ono, iye n'kumawakoka ndevu. Ine ndi iwo tinkasungirana ulemu wa kwathu. Sitinkayang'anana m'maso. Chakudya ndinkawaikira pa khonde, n'kugwada chapatali, n'kuchoka. Mawu ofunika ankadutsa mwa Venâncio.

Tsoka lake, pa mpanda wathu chimbudzi ndi chimodzi, ndipo kwathu bambo wachikulire salowa momwe amalowa mkazi wa mwana wake. Kumudzi zimenezo n'zosavuta, tchire lilipo. Koma ku Chimadzi tchire mulipeza kuti? Nyumba zagundana ngati mano. M'mawa uliwonse apongozi ankatenga ndodo n'kutsetserekera kumtsinje, ati kukaongola miyendo. Ndinadziwa zoona zake Hortência, mnzanga wa nyumba yoyandikana, atandikokera pambali. Anati anawaona akutuluka m'mabango, kumtunda pang'ono kwa zitsime zathu, ndipo sanali okha ochita zimenezo. Anati mvula ikangogwa, zonse za m'mabangomo zidzatsikira mu mchenga umene timakumbamo madzi.

Panalinso china. Apongozi anakana madzi anga. Anauza mwana wawo kuti madziwo akununkha mankhwala ochapira zovala, ndipo akuwawawa pakhosi. Anadzipezera kachigubu kawo, kamene ankadzitungira okha pobwera kumtsinje.

Ndinamuuza Venâncio zonse ziwiri. Ndinamuuza mofatsa, kenako mokalipa. Iye anangokanda mutu. Munthu amene amatukwanizana ndi madalaivala anzake pa mlatho tsiku lonse, nkhani ya chimbudzi kwa bambo ake inamuumitsa pakamwa. Anati awauza mawa. Mawa litafika anati akumba chimbudzi chachiwiri Loweruka, ngati kuti pa mwala wa ku Tete munthu amakumba ndi mawu. Ndinapsa mtima, koma nanenso pakamwa panga panali pomangidwa. Mkazi wa mwana angayambe bwanji kufunsa apongozi kumene amakadzithandiza? Ndinangomuopseza Gizela kuti ndikadzamuona akumwa madzi a agogo ndidzamukwapula. Anandiyang'ana n'kuseka, poti ankadziwa kuti sindinamukwapulepo.

Mvula inagwa yamphamvu, mtsinje unayenda tsiku limodzi n'kuphweranso. Anthu anakumba zitsime zatsopano mu mchenga womwewo. Madzi ake ankaoneka oyera bwino, ndipo kuipa kwa kolera n'komweko, siioneka ndi maso.

Patapita masiku ochepa ndinaona apongozi akutsetserekera kumtsinje kawirikawiri. Chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa. Ndinawafunsa ndili kuseri kwa chitseko ngati ali bwino, iwo anayankha kuti ndi kutentha chabe. Akanandiuza bwanji kuti atsegula m'mimba? Masana amenewo ndinabwera kuchokera kokatunga n'kupeza Gizela ali pa miyendo pawo, akumwera m'kapu yawo, iwo akumupukuta pakamwa ndi chikhatho. Ndowa inandigwa. Ndinamulanda mwanayo, ndipo nkhalambayo inangoyang'ana pansi, poganiza kuti yalakwira mwambo wina.

Apongozi anakomoka tsiku lotsatira pafupi ndi mabango, achinyamata n'kuwanyamula kupita ku matenti a kolera. Ine ndinawaza kolorini pakhonde ponse, ndinawiritsa makapu, ndinachapa mphasa yawo. Ndinapemphera kuti mwina tapulumuka.

Gizela anayamba m'mawa mwake. Zimene zinkatuluka sizinali chimbudzi ayi, anali madzi oyererako ngati otsukira mpunga, osalekeza. Ndinasungunula paketi ya mankhwala a mchere ndi shuga m'madzi otetezedwa n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, koma chilichonse chinkabwerera. Ndinamubereka n'kuthamangira kumsewu. Pofika ku matenti maso anali atalowa m'kati, ndipo namwino atamutsina khungu la pamimba linangoima osabwerera. Anamugoneka pa kabedi koboola pakati, ndowa pansi pake. Anafunafuna mtsempha woti alowetse madzi, pa mkono, pa phazi, mpaka anaupeza. Ananena kuti akuluakulu amapirirako, koma kathupi kotere kamauma msanga. Anayesetsa, ndinaona ndi maso anga. Dzuwa lisanalowe mwana wanga anali atapita.

Sanandilole kumusambitsa. Anandifotokozera kuti thupi la womwalira ndi kolera limapatsirabe nthendayo, ndipo ndinamvetsa, koma kumvetsa sikuchepetsa ululu. Anamuwaza mankhwala, anamukulunga m'pulasitiki, tinamuika anthu ochepa, popanda kuphika chakudya cha pamaliro. Venâncio analira ngati mwana. Ine misozi inakana, m'mimba mwanga munali mkwiyo wokhawokha.

Apongozi anachira. M'tenti ya amuna anawasamala anamwino achitsikana, kuwachotsera ndowa ndi kuwapukuta, ndipo thambo silinagwe. Palibe amene anawauza za mdzukulu wawo, poopa kuti angafooke. Venâncio anakawatenga pa chapa, nayenso osawauza.

Anafika ataonda, akuyenda mogwira khoma. Anakhala pa khonde n'kuyang'anayang'ana pabwalo. Kenako anafunsa mwana wawo, mwa mwambo wake, ngati kuti ine palibe.

"Nanga mkazi wanga wamng'ono ali kuti? Sakubwera kudzandilonjera?"

Venâncio anayang'ana kumsewu. Anati alowe kaye apume, akambirana bwino mawa.

Mawa lomwe lija. Ndinadzuka pomwe ndinagwada, ndinapita kukaima patsogolo pawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ndinawayang'ana apongozi anga m'maso. Anali maso ofiira, okalamba, amantha.

"Bambo, Gizela tinaika. Anamwa madzi a m'kachigubu kanu, a kumtsinje kumene inu ndi anzanu mumakadzithandiza. Ine ndinkadziwa, mwana wanuyu ankadziwa, tonse tinakupatsani ulemu."

Venâncio anandigwira mkono, ndinamukankha n'kupitiriza.

"Chimbudzi ndi icho, sopo ali pa khoma, madzi akumwa ali mu ndowa yovundikira. Muzilowa momwe ndimalowa ine. Ana a Hortência akadali moyo, ndipo amamwa za kumtsinje komweko."

Nkhalambayo inagwira ndodo ndi manja onse awiri. Kenako inafunsa, osadzeranso mwa mwana wake, inafunsa ine mwini, ngati Gizela anawaitana.

Anawaitana, kawiri konse, ali pa kabedi kaja. Ndinawauza zoona.